Masamba awiri amene anyamula mlatho

Mvula ikagwa yamphamvu ku Lilongwe, timitsinje tomwe m'chilimwe mwana amangolumpha timasanduka malire pakati pa nyumba ndi sukulu, pakati pa nyumba ndi msika. Mu Febuluwale 2017 Lingadzi anasefukira n'kulowa m'nyumba za ku Mtandire, ndipo mu Disembala chaka chomwecho madzi anaononga ku Kawale, Biwi ndi Mchesi. Pakati pa msika wa Tsoka ndi wa Lizulu, anyamata akhala akukhoma milatho ya mitengo pa mtsinje wa Lilongwe n'kumalipiritsa owoloka, ndipo madzi akakwera milathoyo imapita, iwo n'kukhomanso ina. N'chifukwa chake mpingo, komiti ya chitukuko kapena khonsolo ikapeza ndalama, chimodzi mwa zinthu zoyamba kutchulidwa chimakhala mlatho wachitsulo wa anthu oyenda pansi.

Eni ntchito otere akalemba injiniya, amalandira zojambula ndi lipoti. Masamu enieni amatha kudzaza masamba makumi angapo, koma chigawo chomwe chalembedwera iwo ndi chachifupi, tsamba limodzi kapena awiri, kawirikawiri m'Chingerezi. Chili ndi mbali ziwiri. Yoyamba imanena zimene injiniya waganizira kuti zidzakhala choncho, yachiwiri imanena zimene masamu apeza. Pamsonkhano maso onse amathamangira ku mbali yachiwiri, kufunafuna mawu oti mlathowo ndi wolimba. Ine ndimaona kuti mbali yoyamba ndiyo ya mwini ntchito, chifukwa zambiri zolembedwa mmenemo zidzakhala zoona kapena zabodza malinga ndi zomwe iye adzalole pogula zitsulo, pomanga, ndiponso zaka zonse zimene mlathowo udzakhale ukugwira ntchito.

Kuti zimveke, tiyerekeze mlatho umodzi n'kuutsata mpaka kumapeto. Si mlatho womwe ulipo, koma miyeso yake ndi yofanana ndi ya milatho yomwe ingaikidwe pa kamtsinje ka ku Kawale kapena ku Mgona. Ndi wa mamita 18 kuchokera pa chipilala cha tsidya lino kufika cha tsidya lija, ndipo poyenda anthu ndi potambalala mita 1.5. Mbali iliyonse kuli thirasi, chimango cha zitsulo zolumikizidwa m'makona atatuatatu monga amachitira a denga, chotalika mita 1.5 kuchokera pa mtanda wa pansi kufika pa wa pamwamba. Thirasi iliyonse yagawidwa m'zigawo 12 za mita 1.5, chigawo chilichonse chili ndi kamzati koimirira ndi chitsulo chopendekera chotsikira chapakati pa mlatho. Kamangidwe kameneka kamadziwika ndi dzina la Pratt. Anthu amayenda pakati pa mathirasi awiriwo, choncho mathirasiwo ndiwonso zogwirira, ndipo pamwamba pa mitu yawo palibe chitsulo cholumikiza mbali ziwirizo. Mfundo yomalizayi ndiyo idzativute kutsogoloku.

Chigawo cha zoganizira, chikalembedwa bwino, chingamveke motere:

"Masamu atsata malamulo a Eurocode. Kulemera kwa mlatho wokha ndi 2.0 kN pa mita iliyonse, poyenda anthu pali chitsulo chokhuthala mamilimita 4.5. Katundu wa anthu ndi 5 kN pa sikweyamita, mlatho wonse utadzaza. Katundu yense wachulukitsidwa ndi 1.35. Mitanda ya pamwamba ndi pansi ndi sikweya chubu ya 80 x 80 x 4, zitsulo za pakati ndi 60 x 60 x 4, zonse za mtundu wa S275. Mtanda wa pamwamba wagwiridwa kuti usapite m'mbali pa mita 1.5 iliyonse ndi michirikizo yochokera pa mitanda yopingasa ya pansi. Mbali imodzi ya mlatho yamangiriridwa, ina ndi yomasuka kutsetsereka. Galimoto ndi ngolo siziloledwa. Madzi osefukira sadzafika pa zitsulo. Maziko ndi nthaka sizili m'masamu ano."

Ziganizo khumi zokha, koma nambala iliyonse ya m'mbali yachiwiri yabadwa mwa izo.

Tiyambe ndi katundu wa anthu. Chizindikiro cha kN chikuimira kilonyutoni, ndipo kilonyutoni imodzi ndi mphamvu yomwe makilogalamu pafupifupi 100 amatsindira nayo pansi. Ndiye kuti 5 kN pa sikweyamita ndi makilogalamu 500 ndi pang'ono, kapena anthu asanu ndi awiri a makilogalamu 70 atapanikizana pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Pa mlatho wathu wonse ndi 135 kN, anthu pafupifupi 200. Wina pakomiti sadzalephera kufunsa kuti anthu 200 adzachokera kuti pa kamlatho ka kumakwalala, ndipo funsolo si lopusa. Lamulo la EN 1991-2 limalola kuchepetsa nambalayi pa mlatho wautali, ndipo pa mamita 18 ingatsike kufika 4.5. Koma aliyense wokhala m'makomboni athu waonapo gulu la maliro likuyenda mothinana kupita kumanda, ana a sukulu akuweruka nthawi imodzi, ndiponso khamu lomwe limaima pa mlatho kuonerera madzi tsiku lomwe mtsinje wakwiya. Injiniya wosunga 5 ndi amene akudziwa malo. Kuchepetsako kungapulumutse chitsulo chochepa kwambiri moti sikoyenera mkangano.

Kuchokera apo masamu ake si ovuta. Thirasi iliyonse imanyamula theka: 1.0 kN pa mita ya kulemera kwa mlatho ndi 3.75 kN pa mita ya anthu. Kuphatikiza n'kuchulukitsa ndi 1.35 kumapereka 6.4. Nambala ya 1.35 ndi malo osiyira zosadziwika, monga anthu kuchuluka kuposa mmene anaganizira kapena zitsulo kulemera kuposa za papepala. Kenako injiniya amapeza mphamvu yomwe ikufuna kupinda mlatho pakatikati, n'kuigawa ndi msinkhu wa thirasi:

```
w = 1.35 x (1.0 + 3.75) = 6.4 kN/m
M = w x L² / 8 = 6.4 x 18² / 8 = 259 kNm
F = M / h = 259 / 1.5 = 173 kN
```

Mlatho ukalemedwa umafuna kugwa mimba, ndiye mtanda wa pansi umakokedwa pomwe wa pamwamba umafinyidwa. Wa pamwamba pakatikati ukufinyidwa ndi 173 kN, wa pansi ukukokedwa ndi 168 kN. Zitsulo zopendekera zimavutika kwambiri kumapeto, pafupi ndi zipilala, komwe chilichonse chikukokedwa ndi 75 kN. Masiku ano injiniya amaika zonsezi mu kompyuta, koma mizere itatu ili pamwambayi ndi njira yoyesera ngati kompyutayo yapatsidwa zolondola. Ikatulutsa 90 kapena 400 pamene dzanja lapeza 173, chilipo chalakwika, ndipo lipoti labwino limanena kuti kuyesa kwa pamanjaku kwachitika.

Mbali ya zotsatira siyenera kungolemba mphamvuzi. Mwini ntchito sangadziwe ngati 173 ndi yambiri kapena yochepa. Chomuthandiza ndi kuika pambali pake mphamvu yomwe chitsulocho chingapirire, n'kugawa. Mtanda wa pansi ungapirire kukokedwa ndi 322 kN, ndiye 168 kugawa ndi 322 ndi 0.52: ukugwiritsa ntchito theka la mphamvu zake. Chopendekera cha kumapeto chingapirire 235, ndiye chili pa 0.32. Mtanda wa pamwamba ungapirire 236, ndiye uli pa 0.73. Nambala iliyonse yosafika 1.0 yapambana, yopitirira yalephera. Woona mwachidwi adabwa kuti mtanda wa pamwamba ndi wa pansi ndi chitsulo chimodzimodzi, saizi imodzi, koma wina 322 wina 236.

Chifukwa chake ndi chakuti chitsulo chofinyidwa sichidikira kuti chiphwanyike. Tengani bango lalitali, muliimike pansi n'kulitsindira pamutu: limathawira m'mbali n'kuthyoka musanaike mphamvu zambiri. Wina akaligwira pakati, limapirira kwambiri, ngakhale bangolo ndi lomwelo. Mtanda wa pamwamba umachita chimodzimodzi, ndipo mphamvu zake zimadalira mtunda womwe uli pakati pa malo omwe wagwiridwa. M'mwamba ndi pansi sungathawe, timizati ndi zopendekera zaugwira. Koma kunja ndi mkati palibe chougwira kupatula michirikizo ija, popeza pamwamba pa mlatho ndi poyera. Pomanga, mtanda wopingasa wa pansi umatulutsidwa kunja kwa thirasi pang'ono, ndipo kuchokera kunsonga kwake chitsulo chimakwera mopendekera kukagwira mtanda wa pamwamba. Njira ina ndi kulimbitsa kwambiri mfundo ya kamzati ndi mtanda wopingasa kuti ziwirizo zikhale chimango chosagwedera. Njira iliyonse yomwe wasankha, injiniya ayenera kuwerengera ngati chogwiracho ndi cholimba mokwanira, osangoti poti chilipo ndiye chagwira.

Taonani zimene zimachitika chiganizo chimodzicho chikasiya kukhala choona. Michirikizo ikakhala pa mita 1.5 iliyonse, mtanda ungapirire 236 kN. Womanga akaika mchirikizo umodzi n'kudumpha wina kuti chitsulo chikwane, mtunda umakhala mamita 3, mphamvu n'kutsika kufika 137 kN, ndipo 0.73 ija imasanduka 1.26. Akadumpha iwiri, mtunda ndi mamita 4.5 ndipo mphamvu ndi 76 kN yokha, yosafika ndi theka lomwe la zofunika. Chitsulo sichinasinthe, kuwotcherera kungakhale kwabwino, utoto wonyezimira.

Choipa kwambiri n'chakuti mlatho wotere sudzionetsa. Ukakhala wopanda anthu, mtanda wa pamwamba ukufinyidwa ndi 27 kN basi. Tsiku lotsegulira, akuluakulu khumi ndi awiri akadutsa n'kujambulitsa, nambalayo imangokwera pang'ono. Ngakhale mlatho wa michirikizo ya mamita 4.5 ungatumikire zaka osadandaula, kufikira tsiku lomwe anthu pafupifupi 100 adzaimepo nthawi imodzi. Ndipo kupindika kwa chitsulo chofinyidwa sikuchenjeza nthawi yaitali monga kumachitira kugwa mimba pang'onopang'ono. Mtanda ukangoyamba kuthawira m'mbali, kupindikako kumaonjezera mphamvu youpinda, ndipo zimatha m'kanthawi kochepa.

Kuno kwathu michirikizoyi ili ndi adani awiri. Woyamba ndi womanga yemwe amaiona ngati zokongoletsa chifukwa palibe amene amapondapo. Wachiwiri ndi wakuba zitsulo zokagulitsa kwa ogula zakutha, amene amayamba ndi tizitsulo tifupitifupi ta kunja tomwe angadule usiku popanda wodutsa kuzindikira m'mawa. Choncho injiniya wanzeru salekera pa kulemba kuti mtanda wagwiridwa pa mita 1.5. Amaonjezera chiganizo cha chilankhulo cha anthu wamba, choti mchirikizo ukasowa ngakhale umodzi, makamaka chapakati, mlatho usaloledwe kudzaza anthu mpaka utabwezeretsedwa. Kuyendera kwake n'kosafuna sukulu. Munthu amawerenga michirikizo n'kufananiza ndi chiwerengero cha pa chojambula, kenako amaima kumapeto kwa mlatho n'kuyang'ana motsata mtanda wa pamwamba ndi diso limodzi. Uyenera kukhala woongoka. Ukaoneka ukukhotera kunja apa, mkati apo, injiniya aitanidwe anthu asanapitirize kuwoloka.

Chiganizo china chomwe chimaphwanyidwa mwakachetechete ndi cha chitsulo. Mu 80 x 80 x 4, nambala yomalizayo ndi kukhuthala kwa khoma la chubu, ndipo chubu ikawotcheredwa n'kutsekedwa kumapeto palibe angaione. Owotcherera a ku Biwi ndi m'misika ina amagwira ntchito zambiri ndi machubu opyapyala a mageti ndi mawindo, ndipo kunja kwake chubu ya mamilimita 3 ndi ya 4 zimaoneka chimodzimodzi. Pa mlatho wathu, chubu ya mamilimita 3 imatsitsa mphamvu ya mtanda wa pamwamba kuchoka pa 236 kufika pa 183, ndiye nambala ija imakhala 0.95. Yapambanabe, koma movutikira. Tsono chitsulocho chikakhalanso cha mtundu wofewerapo wa S235 m'malo mwa S275, mphamvu ndi 161 ndipo nambala ndi 1.07. Zosintha ziwiri zing'onozing'ono, chilichonse pachokha chooneka chokhululukika, zaugwetsa mayeso mlatho. Kukhuthala kumayezedwa ndi kalipa zitsulo zikangofika, zisanadulidwe, ndipo sikelo imathandizanso: chubu ya 80 x 80 x 4 imalemera makilogalamu 9.2 pa mita, ya mamilimita 3 imalemera pafupifupi 7. Mtundu wa chitsulo sungaoneke ndi maso. Umboni wake ndi satifiketi yochokera ku fakitale yomwe wogulitsa ayenera kupereka, kapena kudula kachidutswa n'kukakayezetsa ku labotale. Ngati injiniya akudziwa kuti satifiketiyo sidzapezeka, kuli bwino awerengere pa S235 kuyambira pachiyambi n'kunena choncho m'lipoti.

Palinso kusintha komwe kumachokera kwa mwini ntchito yemwe, ndipo kumabwera ndi zifukwa zomveka. Chitsulo cha poyenda chimatentha ndi dzuwa la mu Okutobala, chimaterera mvula ikagwa, chimachita dzimbiri, ndiponso chimabedwa. Komiti ikhoza kugwirizana kuti m'malo mwake pathiridwe konkire wa mamilimita 100, poganiza kuti ikulimbitsa mlatho. Konkire wotere amalemera pafupifupi 2.5 kN pa sikweyamita. Kulemera kwa mlatho pa thirasi iliyonse kumakwera kuchoka pa 1.0 kufika pa 2.6 kN pa mita, mphamvu ya mu mtanda wa pamwamba imafika 231 kN, ndipo nambala yake ndi 0.98. Malo onse opumira atha. Ngati chubu ija inalinso ya mamilimita 3, tili pa 1.26. Konkire si woipa, milatho yambiri yabwino ili naye, koma ayenera kulowa m'masamu asanalowe pa mlatho.

Cholakwa cha mtundu umenewu chili ndi mbiri yake. Pa 29 Ogasiti 1907 mlatho waukulu wa Quebec ku Canada unagwa uli mkati momangidwa, ndipo anthu 75 anafa. Kutalika kwa chigawo chake chapakati kunali kutaonjezedwa kuchoka pa mafiti 1,600 kufika pa 1,800, koma kulemera kwa mlatho wokha sikunawerengedwenso mokwanira, ndipo zitsulo zofinyidwa za pafupi ndi chipilala ndizo zinapindika. Anthu a pamalopo anali ataona kale kuti zitsulozo zayamba kukhota masiku angapo ngoziyo isanachitike. Mlatho wathu ndi kachinthu kakang'ono pouyerekeza ndi umenewo, koma njira yolakwira ndi yomweyo: nambala yolembedwa poyamba ngati yongoyembekezera imakhalabe m'masamu chinthu chenichenicho chitasintha.

Zotsatira zina ziwiri sizikhudza kugwa koma mtima wa owoloka. Mlatho wathu ukadzaza anthu umatsika pakati ndi mamilimita 22. Malire omwe ambiri amagwiritsa ntchito ndi kutalika kwa mlatho kugawa ndi 360, omwe pano ndi mamilimita 50, ndiye palibe vuto. Chinanso ndi kunjenjemera. Mlatho uliwonse uli ndi liwiro lake logwedezekera, ndipo likayandikira la mapazi a anthu, omwe amaponda pafupifupi kawiri pa sekondi, umayamba kuvina nawo. Malamulo amati mlatho wogwedezeka m'mwamba ndi pansi kosafika kasanu pa sekondi uunikidwe mwapadera. Wathu uli pa kasanu ndi kawiri, ndiye wadutsa. Koma ndi konkire uja umatsika kufika 4.6, ndipo kuunikako kumafunika. Kugwedezekera m'mbali n'kumene kunatseketsa mlatho wa Millennium ku London mu Juni 2000, patangopita masiku awiri chiutsegulireni, ndipo unatsegulidwanso mu 2002 ataukonza. Pa mlatho waufupi ngati wathu chimateteza zimenezi ndi zitsulo zopingasana pansi pa poyenda, zomwenso lipoti liyenera kutchula kuti zilipo.

Chiganizo choti mbali imodzi ndi yomasuka chimadabwitsa amisiri ambiri, omwe amaona kuti kulimba ndi kukwirira mbali zonse mu konkire. Chitsulo cha mamita 18 chimatalika ndi mamilimita 6 kapena 7 kutentha kukasintha ndi madigiri 30, kusiyana komwe chitsulo cha padzuwa chimakuona mosavuta pakati pa m'bandakucha wa mu Juni ndi masana a mu Okutobala. Chikapanda kopita chimakankha zipilala, konkire n'kuyamba ming'alu pomwe pakhala mlatho. Mankhwala ake ndi mabowo aataliko pomwe padutsa mabawuti mbali imodziyo, ndi kuonetsetsa kuti wina sanawotchererepo pofuna kuthandiza.

Za galimoto, kutambalala kwa mita 1.5 kumatchinga kale zambiri. Njinga zamoto za kabaza zidzadutsa, kaya chikwangwani chilole kaya chikane, ndipo kunena zoona njinga yonyamula anthu atatu siposa makilogalamu 350, pomwe lamulo limafuna kuti poyenda papirire 10 kN yotsindira pa malo amodzi aang'ono. Choopsa cha njinga ndi kugunda kamzati. Ngolo ya mchenga kapena njerwa ndiyo nkhani ina, ndipo chimaithetsa ndi mzati wa konkire pakati pa khomo la mlatho. Lipoti likati ngolo siziloledwa, mtengo wa mizati imeneyo ulowe mu bajeti.

Pali chinthu chimodzi chomwe masamu a thirasi amatenga ngati chaulere: amaganiza kuti zitsulo zimakumana bwinobwino pa mfundo ndipo mfundoyo imapirira chilichonse. Nambala ya 0.32 ya chopendekera ndi ya chitsulocho, si ya kuwotcherera kwake. Mlatho wa msewu wa I-35W ku Minneapolis, womwe unagwa pa 1 Ogasiti 2007 n'kupha anthu 13, unayambira pa mapuleti olumikizira zitsulo omwe anali opyapyala kuposa zofunika, pomwenso konkire wa pamwamba anali ataonjezedwa m'zaka za m'mbuyo. Choncho mwini ntchito afunse kuti: kodi mfundo mwaziwerengera, kapena mwasiyira womanga? Mayankho onse awiri amapezeka m'ntchito za zomangamanga, koma lipoti linene lomwe lili loona, ndipo ngati zasiyidwira womanga, linenenso amene adzaone masamu ake. Kuwotcherera kwa mfundo yonyamula 75 kN kumafuna saizi yolembedwa pa chojambula, mmisiri woyesedwa, ndi munthu woyendera utoto usanapakidwe, chifukwa utoto umabisa zibowo ndi ming'alu.

Ziganizo ziwiri zomaliza, za madzi ndi za maziko, ndizo zimawerengedwa mothamanga kwambiri, chonsecho milatho ya m'makomboni a Lilongwe imaphedwa ndi mtsinje kuposa anthu. Thirasi ya 0.73 ilibe ntchito ngati madzi akumba pansi pa chipilala. Ilibenso mphamvu yolimbana ndi madzi oikankha cham'mbali atanyamula mitengo, nthochi ndi zinyalala za mapulasitiki zomwe zimatseka mipata ya zitsulo n'kusandutsa mlatho khoma. Mlatho wonsewu umalemera matani osafika 4, ndipo madzi otere angaunyamule n'kukausiya kumunsi. Kukumba mchenga m'mitsinje ya mumzindawu kumatsitsa pansi pa mtsinje ndi kugumula magombe, ndipo kumanga nyumba kumtunda kumachititsa kuti madzi a mvula afike msanga ndiponso ambiri kuposa kale, moti chizindikiro cha pomwe madzi analekeza zaka makumi awiri zapitazo sichingadaliridwe chokha. Injiniya sanalakwe polemba kuti zimenezi sizili m'masamu ake, wanena zoona. Kulakwa kumabwera mwini ntchito akaganiza kuti lipoti la thirasi ndi lipoti la mlatho wonse. Chomwe chigawochi chimapereka kwa wokonza maziko ndi nambala imodzi: ngodya iliyonse mwa zinayi za mlatho imatsindira chipilala ndi 58 kN. Wina ayenera kutenga nambalayo, kukumba maenje oyesera nthaka, kufunsa okhala pafupi pomwe madzi anafika mu 2017 ndi zaka zina zoipa, n'kulemba msinkhu weniweni womwe pansi pa zitsulo padzakhale. Ngati m'mapepala onse a ntchitoyo mulibe tsamba lotere, ntchito yokonza mapulani sinathe.

Kalembedwe ka chigawochi kali ndi zizindikiro zomwe munthu wosadziwa masamu angazione. Mawu oti mlatho ndi wolimba mokwanira popanda nambala pambali pake sanena kanthu. Masamba odzaza manambala a kompyuta a chitsulo chilichonse, ndi madesimolo asanu, nawonso sanena kanthu kwa komiti, ndipo nthawi zina amabisa kuti wolembayo sanasankhe chofunika. Chokwanira ndi zitsulo zitatu kapena zinayi zovutika kwambiri, mphamvu yake, kupirira kwake, ndi chiganizo chotchula chomwe chili pafupi kwambiri ndi malire. Ndimakayikiranso lipoti lomwe nambala zake zonse zili pansi pa 0.3, chifukwa mwina mwini ntchito akulipira chitsulo chosafunika, kapena katundu wina waiwalika. Lipoti litchule nambala ya chojambula chomwe masamu atsata ndi tsiku lake, kuti chojambula chikasinthidwa zidziwike kuti masamuwo ndi akale. Pansi pake pakhale dzina ndi siginecha ya injiniya wolembetsedwa ku Malawi Engineering Institution, ndi dzina la wina amene waunikanso masamuwo.

Mbali ya zotsatira ya mlatho wathu ingathe ndi ndime ngati iyi: "Chitsulo chovutika kwambiri ndi mtanda wa pamwamba pakatikati, 173 kN pa 236 kN, kapena 0.73. Nambala imeneyi ikudalira michirikizo yonse kukhalapo, chubu ya mamilimita 4 ya S275, ndi poyenda pa chitsulo. Kusintha chimodzi mwa zitatuzi kubwezedwe kwa injiniya kusanachitike." Komiti ikalandira ndime yotere, ikope zinthu zitatuzo pa mapepala atatu m'Chichewa, limodzi lipite kwa kapitawo wa pamalo omanga, lina kwa wogula zitsulo, lina lisungidwe ndi amene adzayendere mlathowo mvula ya chaka chilichonse isanayambe mu Novembala.